Thon, thym, temps: Chifalansa cha m'mphuno pa gulu lathu

Wakukhitchini (Lyon): Akuluakulu, ndithandizeni. Ashefu akamaitanitsa zinthu nthawi ya phokoso, thon, thym ndi temps kwa ine zikumveka chimodzimodzi. China ndi nsomba ya tuna, china ndi timasamba tonunkhiritsa chakudya, china ndi nthawi. Ndimangoyang'ana komwe chala chawo chaloza. Ine ndikatchula, amandiuza ndibwereze. Kodi m'kamwamo mumachita chiyani?

Malume a pa saiti (Marseille): Zosavuta izo mphwanga. Ungoika ng' wa ng'ombe kumapeto. Buledi ndi peng', vinyo ndi veng', bon ndi bong'. Kuno aliyense amatero ndipo palibe amene anandibwezapo.

Anti a ku Brussels: Malume, kwanuko ndi zoona, anthu a kumwera, Marseille ndi Toulouse, amamaliza ndi kaphokoso konga ng'. Koma mwanayu ali ku Lyon, ndipo ng'yo sangamuthandize kusiyanitsa mawu atatu aja, chifukwa onse adzangothera ng'. Ndifotokoze mmene ndimadziwira ine.

Tchula ng' wa ng'ombe ndi kumukoka, osamaliza mawuwo. Umva kuti kumbuyo kwa lilime kwakhudza pofewa paja, kumapeto kwa denga la m'kamwa, ndipo mpweya wonse ukutulukira m'mphuno. Pofewa pamenepo pamakwera ndi kutsika. Tikamatchula a, e, i, o, u wathu, pamakwera n'kutseka njira ya kumphuno, mpweya n'kudzera mkamwa mokha. Pa mawu ngati thon pamatsika, ndiye mpweya umatuluka mbali ziwiri nthawi imodzi, mkamwa ndi m'mphuno. Kusiyana ndi ng' n'kwakuti lilime silitseka paliponse. N amene walembedwa pa thon satchulidwa, ntchito yake n'kungokuuza kuti o ameneyo adzere ndi m'mphuno.

Wakukhitchini (Lyon): Ndiye nditchule o, koma mphuno ikhale yotsegula? Nanga ndidziwa bwanji kuti yatseguka, poti sindikuona?

Anti a ku Brussels: Ndi zala zako. Tchula beau ndi kumukoka, booo, kenako utsine mphuno uli mkati motchula. Palibe chisinthe, chifukwa mphuno sinali pantchito. Tsopano koka bon n'kutsinanso. Ngati watchula bwino, liwu lisintha, limveka lofinyika ndipo zala zimva kunjenjemera, koma silizima. Likazimiratu, ndiye kuti watseka ndi lilime, wanena n kapena ng'. Likapanda kusintha, wanena beau. Mayankho ndi atatu okhawo, ndipo suvutitsa munthu kuti akumvetsere.

Njira imene ine inandithandiza kulipeza liwulo: yamba ndi ng' wokoka uja, milomo ili yozungulira ngati ukunena o, ndiye utsitse lilime pang'ono pang'ono osasintha china chilichonse. Pamene lilime langochoka padenga, liwu limene latsalalo ndi lija la bon.

Malume a pa saiti (Marseille): Mwaona, ng' wanga uja wagwira ntchito.

Anti a ku Brussels: Wagwira poyambira, malume, koma posiyira ayi.

Mai Awiri (Lille): Pepani ndalowa mochedwa. Ngati ndi za mphuno, nyengo ino ya chisanu ndi tonse. Ku famasi kuli madzi amchere opopera m'mphuno, safuna kalata ya adokotala.

Wakukhitchini (Lyon): Ayi mayi, si chimfine, ndi katchulidwe 😂

Mai Awiri (Lille): Iii, chabwino. Ndiye langa ndi ili. Agogo amene ndimawasamalira ndikawauza za kusamba, le bain, amandiyang'ana kaye. Koma ndikati les mains amamva msanga. Bwanji?

Anti a ku Brussels: Tumizani voisi ndimve, koma ndikuganiza kuti ndi izi. M ndi wa m'mphuno kale, ndiye pa mains njira ya kumphuno imakhala yotseguka musanafike pa liwulo. Pa bain, b amatseka njirayo, ndipo muyenera kuitsegula msanga milomo ikangotseguka. Mukachedwa zimatuluka be, kenako kan kakumapeto. Yambani ndi main, mulikoke, ndiye mungosintha m kukhala b: main, main, bain. Chimodzimodzi mon, mon, bon.

Wa ku Angonia (Geneva): Ife amene tinaphunzira Chipwitikizi izi sizitivuta. Bom, sim, um, pão, zonse n'za m'mphuno. Amene akudziwa kutchula sim wadziwa kale vin.

Anti a ku Brussels: Achimwene, kutsitsa pofewa paja mukudziwa kale, pamenepo mwatiposa. Koma sim wanu ndi i wa m'mphuno. Chifalansa chilibe i wa m'mphuno, ngakhale amalemba in. Pa vin, pain, thym, plein, kalembedwe kosiyanasiyanako liwu ndi limodzi, ndipo lili pakati pa e ndi a wathu.

Apa ndiye pali yankho la mwana wa ku Lyon. Mphuno imachita chimodzimodzi pa mawu onse atatu. Chosiyanitsa ndi milomo ndi chibwano.

Pa thym milomo imatambasukira m'mbali pang'ono, lilime lili kutsogolo, nsonga yake itagona kuseri kwa mano a m'munsi. Yambira pa e wa mawu oti tête, utsegule kamwa pang'ono kuposa pamenepo.

Pa temps chibwano chimatsika kwambiri, lilime limabwerera kumbuyo, milomo siitambasuka. Osayambira pa a wathu wa tate, ameneyo ali kutsogolo kwambiri, ndipo ukamuika m'mphuno Afalansa ambiri amva ngati thym. Apa ndi pamene Amalawi ambiri timagwera. Timaona an kapena en, n'kutchula a wa kwathu, ndiye cent amamveka ngati sain, vent ngati vin.

Pa thon milomo imasongoka n'kusiya kabowo kakang'ono, kocheperapo kuposa o wa Chichewa. Ukasiya milomo yotayirira, thon amasanduka temps.

Ndiye ukaima pagalasi, thym, temps, thon, uyenera kuona kamwa likusintha katatu: m'mbali, pansi, kutsogolo. Ngati nkhope yako siikusintha, khutu la ashefu silimvanso kusiyana.

Wakukhitchini (Lyon): Ndayesa pompano kubafa. Thon yatheka. Koma thym ndi temps zikumafananabe ndikafulumira.

Anti a ku Brussels: Ziwiri zimenezo zimatenga nthawi, ndipo khutu liyenera kutsogola. Pempha mnzako mmodzi wa kuntchito, wobadwira komweko, akujambulire pa foni mawu khumi osakaniza, vin, vent, vent, vin, choncho, ndipo alembe papepala mndandanda wake. Iwe uzimvetsera m'basi n'kulemba zimene wamva, kenako ufananize. Ukayamba kukhoza pafupifupi onse, umuuze ajambule ena: lin ndi lent, bain ndi banc, teint ndi temps. Kutchula liwu limene sukulimva n'kungotaya malovu.

Za pagalasi zikhale mphindi zisanu m'mawa uliwonse, ukamatsuka mkamwa. Yamba ndi awiriawiri, wina wa mkamwa wina wa m'mphuno: beau ndi bon, peau ndi pont, paix ndi pain, bas ndi banc, uku ukutsina mphuno. Kenako atatu aja. Pomaliza mawu a ntchito yako yeniyeni, jambon, oignon, citron, piment, vin blanc. Uzidzijambula kamodzi pa sabata, chifukwa m'mutu mwathu timadzimva bwino kuposa mmene tikumvekera.

Malume a pa saiti (Marseille): Pa saiti chimene chimapweteka ndi manambala. Cent cinq ndi 105, cinq cents ndi 500. Ukadula thabwa molakwika ndi ndalama zimenezo. Ine ndimangolemba nambala pathabwapo ndi pensulo n'kuwaonetsa akapitawo.

Wa ku Angonia (Geneva): Trente ndiye ndimamva abale ambiri akuti tira-nte, ndi monde akuti mo-nde.

Anti a ku Brussels: Eya, umenewo ndi msampha wa chiyankhulo chathu. Ife nd, mb, nt, ng tinayamwira, ndalama, mbale, ntchito. Ndiye tikaona monde, jambon, tante, lilime limathamangira kukapanga nd ndi mb, liwu loyamba n'kutsala la mkamwa. Dulani mawuwo pena. Jambon si ja-mbon, koma jam ndi bon, pomwe jam alibe m, milomo siikumana mpaka pa b. Tchulani chigawo choyamba, muime kamwa lili yasa, muwerenge mumtima mpaka kawiri, kenako bon. Tsiku ndi tsiku muzifupikitsa kuimako mpaka kuthe. Kan kakang'ono kamatha kumvekabe pang'ono pakati, ngakhale kwa eni ake, musadandaule nako, bola liwulo layamba kale kudzera m'mphuno.

Mai Awiri (Lille): Nanga bonne? Poti n alipo awiri, ndimaganiza mphuno iwirikize.

Anti a ku Brussels: Ayi mayi, pamenepo n'zotembenuka. N kapena m akatsatidwa ndi lembo la liwu, kapena akakhala awiri, amatchulidwa ndithu, ndipo o amabwerera mkamwa. Bon alibe n, bonne ali ndi o wa mkamwa ndi n weniweni, lilime likukhudza kuseri kwa mano. Kwa inu n'zofunika, chifukwa cousin ndi wamwamuna, cousine wamkazi, voisin ndi voisine chimodzimodzi. Alipo mawu ochepa osamvera lamuloli, monga ennui ndi emmener, amene amayamba ndi liwu la temps. Ndipo ent wa kumapeto kwa ils parlent satchulidwa n'komwe.

Achemwali a ku Montreal: Ine ndikuwerenga ndikuseka. Zimene Anti akunena za thym kuno si choncho. Kuno pain amamveka pafupi ndi e wathu, mwina kumaliza ngati ei, ndipo temps ali pafupi ndi a wa tate amene mukumuletsayo. Komanso mwaiwala liwu lachinayi la m'mphuno. Brun ndi brin kuno ndi mawu awiri osiyana. Aphunzitsi athu a kalasi ya madzulo amatibwerezetsa un bon vin blanc, amati maliwu onse anayi ali mmenemo.

Anti a ku Brussels: Sindinaiwale achemwali, ndinalisiya dala. Ku Paris anthu ambiri un amamutchula ndi liwu lija la vin, ndipo palibe amene amasokonezeka. Kuno ku Belgium ambiri amasiyanitsabe, kumwera kwa malume nakonso. Amene akulifuna, ndi thym yemwe uja koma milomo yozungulira pang'ono. Kwa woyamba kumene ine ndimati atatu akwana.

Achemwali a ku Montreal: Kwa amene ali ku Falansa mwina. Wobwera kuno aphunzire anayi, lundi ndi parfum amveke bwino.

Wakukhitchini (Lyon): Ine nditenga atatu kaye. Funso lina: bon appétit ndimamva n bwinobwino, chonsecho mwati bon alibe n.

Anti a ku Brussels: Pa timawu ngati bon, un ndi en, mawu otsatira akayamba ndi lembo la liwu, n amadzuka n'kulumphira kutsogolo. Pa bon appétit amatchula ngati bonne, bo-na-pe-ti, o wa mkamwa. Koma pa un oignon ndi en avance liwu limakhalabe la m'mphuno, n n'kuwonjezerapo. Mon ami ndamva anthu akutchula njira zonse ziwiri.

Malume a pa saiti (Marseille): Anti, tumizani voisi ya cent cinq ndi cinq cents, pang'onopang'ono. Ya kuno ndili nayo kale, ndikufuna ndimve ya kwanuko.

Anti a ku Brussels: Ndili mu tiramu, phokoso. Ndikafika kunyumba nditumiza, pamodzi ndi bain ya Mai Awiri.