Phindu la golosale ya Anaphiri ndi Anabanda

Wapampando: Amayi, nkhani ya Lachiwiri ija tiimalize pompano. Anaphiri yambani.

Anaphiri: Pagolosale ija ine ndinaikapo K600,000, Anabanda K400,000. Phindu la chaka chonse ndi K500,000. Ndiye akuti ine ndilandire K170,000, iwo K330,000. Zoona zimenezo?

Anangozo: Ayi, pamenepo mwaberedwa. Pagulu pano wa masheya ambiri ndiye amatenga zambiri. Inu K300,000, anzanuwo K200,000, basi.

Mlembi: Anangozo, zimenezo n'za bokosi lathu, pomwe ndalama imagwira ntchito yokha. Awa analemberana zina m'kope, ndipo kopelo ndili nalo. Phindu silingodulidwa pakati, pali akaunti yake yogawira. Poyamba mpamba wa aliyense ulandira chiwongoladzanja cha K10 pa K100 iliyonse pachaka. Kenaka malipiro a Anabanda, K15,000 pamwezi, chifukwa ndiwo amakhala m'golosale. Zotsala ndiye agawane mofanana.

Phindu: K500,000
Chiwongoladzanja, Anaphiri: K60,000
Chiwongoladzanja, Anabanda: K40,000
Malipiro a miyezi 12: K180,000
Zotsala: K220,000, aliyense K110,000

Wonkhetsani. Anaphiri K170,000, Anabanda K330,000.

Gogo Nasibeko: K10 yokha? Ife timabweza K20 pamwezi, iwo atsitsiridwa liti?

Mlembi: Si ngongole agogo, palibe akubweza. Ndi njira yoti woika zambiri aonerepo kanthu. Anaphiri aposa anzawo ndi K20,000 pamenepo.

Anabanda: Ine ndimatsegula 6 koloko, kukapikula katundu kwa Jenda ndine, mvula yonse ija. Mukanalemba ganyu mwana wa eni, simukanamulipira?

Anaphiri: Sindikukana ntchito yanu, asisi. Koma malipiro ena munatenga kale.

Mlembi: Apo mwanena zoona. Miyezi 6 anatapa, K90,000. M'akaunti timalembabe K180,000 yonse, koma m'manja alandira K240,000. Chokhacho, Anabanda, ndiuzeni: K90,000 ija munaiika pamodzi ndi lendi ndi thiransipoti musanapeze K500,000? Ngati munatero ndiye taichotsa kawiri. Phindu lenileni likhala K590,000, zotsala K310,000, aliyense K155,000.

Anabanda: Amalemba ndi mwana wanga. Ndikamufunsa akaweruka.

Anaphiri: Nanga K200,000 ya mpamba wanga ndinakongola pagulu pano, chiwongoladzanja ndalipira ndekha. Golosale indibwezere.

Mlembi: Ngongoleyo inalembedwa dzina lanu, osati la golosale. Siilowa m'akauntiyi.

Anangozo: Koma ndalamayo inagula shuga ndi sopo wa onse awiri. Ine sindikugwirizana nazo.

Mlembi: Inagula, n'chifukwa chake yawerengedwa mu K600,000 ndipo yalandira chiwongoladzanja chake. Akafuna zina asinthe pangano la chaka chamawa.

Wapampando: Anabanda, Lachiwiri mubwere ndi kope la mwanayo. Pasachoke ndalama m'golosale mpaka tione K90,000 ija.