Kasitomala akuti ndikumubera: dayamondi wamng'ono wakwera mtengo kuposa wamkulu

Mbewe wa ku Joni: Akuluakulu ndithandizeni, mutu wandizungulira. Mnyamata wa kumudzi konkuja akufuna mphete ya chinkhoswe, ndi koyamba kugula dayamondi. Ndamuonetsa miyala iwiri yozungulira, yonse ya pepala la GIA, labu yoyeza dayamondi. Woyamba makalati 1.01, mtundu H, kuyera kwa mkati SI1, kadulidwe Good, R62,000. Wachiwiri 0.92, G, VS2, Excellent, R64,000. Iye akuti zingatheke bwanji wopepuka kudula kuposa wolemera, ndiye kuti ndikufuna kumudyera. Ndamuwerengera ma C anayi onse, kulemera, mtundu, kuyera kwa mkati ndi kadulidwe, monga timachitira, wangoti kukamwa yasa. Abweranso Loweruka. Ndimuuze chiyani choti amve?

aChisale: Mugulitseni wa 1.01 basi. Mkazi akavala mphete anzake amafunsa kuti ndi makalati angati. Za VS2 palibe amafunsa.

Mayi Nangozo: A Mbewe, tipatseni miyezo ya pa pepala, mamilimita ndi kuya kwake. Ndikukayikira kanthu.

Mbewe wa ku Joni: Wa 1.01 ndi 6.20 mm m'mimba mwake, kuya 65.5%, lamba wake, mkombero wozungulira mwala, wokhuthala kwambiri. Wa 0.92 ndi 6.25 mm, kuya 61.5%.

Mayi Nangozo: Ndi zomwe ndimaganiza. Mwala wanu "wamkuluwo" si wamkulu ayi, ndi wolemera chabe. Kalati ndi muyezo wa pa sikelo, 0.2 ya giramu. Mwala wozungulira wa kalati imodzi wodulidwa bwino umakhala pafupifupi 6.4 kapena 6.5 mm. Wanuyo ali pa 6.20, kutanthauza kuti kulemerako kwabisala pansi ndi m'lamba, malo amene mwala ukalowa m'mphete saoneka. Woduladula anachita dala. Akanausema bwino ukanatsika pansi pa 1.00 n'kugwera m'gulu la mtengo wotsika, ndiye anasankha kusiya mimba kuti sikelo iwerenge 1.01.

Mnyamatayo musayambe naye ndi zilembo. Ikani miyala iwiriyo pa pepala loyera, tebulo, nkhope yafulati ya mwala, kumwamba, osamuuza kuti uwu ndi uti, mumufunse kuti wamkulu ndi uti. Sadzatha kusiyanitsa, kapena adzaloza wa 0.92 chifukwa umabweza kuwala mpaka m'mphepete. Mwala wozama kwambiri kuwala kumathawira m'mbali, pakati pamaoneka mdima. Akaona yekha ndi maso, ndiye mubweretse za ndalama.

Za ndalamazo zili chonchi. Mtengo wa mwala ndi kulemera kuchulukitsa ndi mtengo wa pa kalati, ndipo mtengo wa pa kalatiwo ndi umene ma C enawo amaukweza kapena kuutsitsa. Gawani 62,000 ndi 1.01, mupeza pafupifupi R61,400 pa kalati. Gawani 64,000 ndi 0.92, ndi pafupifupi R69,600. Ndiye mumuuze kuti wopepukayo kagawo kake kalikonse n'kodula chifukwa wapambana mnzakeyo pa zinthu zitatu: mtundu sitepe imodzi, kuyera kwa mkati sitepe imodzi, kadulidwe masitepe awiri. Wolemerayo wapambana pa chimodzi chokha, ndipo ndi chimene diso silikuchiona.

aChisale: Zonsezo ndi za ife a lupu, mayi. Munthu wabwera akufuna kalati imodzi, mpatseni kalati imodzi, komanso ndi wotchipa ndi R2,000.

Tembo: Ine ndimayamba ndi mtundu. G ndi H zimasiyana, mukaziyika pamodzi munthu amaona kuti winayo wayamba chikasu. Kalekale ndinagulitsapo D, mtundu wapamwamba kwambiri, kwa bwana wina, mpaka lero akabwera amandigwira chanza ndi manja awiri.

Mayi Nangozo: A Tembo, D ndi J inde aziona. Koma G ndi H ndi oyandikana, onse ali m'gulu limodzi la G mpaka J. Ku labu komweko amautembenuza mwala chafufumimba, nauyerekeza ndi miyala yoyezera pansi pa nyale yapadera kuti apeze chilembo. Mukamuuza mnyamatayo kuti aona chikasu, iye osachiona, ndiye mwatsimikiza maganizo ake oti tikumunamiza. Muuzeni zoona: sitepe imeneyi imakweza mtengo chifukwa mwala woyera kwambiri ndi wosowa, osati chifukwa iye aiona. Ndipo mufunseni chitsulo. Ngati mphete ndi ya golide wachikasu, angatsike mpaka I kapena J n'kusunga ndalama, poti golideyo amaponyera mtundu wake m'mwala.

Tembo: Za golide ndavomera. Koma pa pulatinamu ine sinditsika pansi pa G.

Gogo wa pa benchi: Ine ndine woika miyala, za mitengo ndikusiyirani. Koma SI1 ameneyo muyang'ane chithunzi cha pa pepala musanalonjeze kanthu. SI1 si mmodzi. Kadontho koyera kakakhala m'mphepete ndimakabisa pansi pa chala chachitsulo chogwira mwala, palibe angadziwe. Kakakhala kakuda pakati pa tebulo ndilibe chochita, ndipo tsiku limene mkazi adzakaone sadzasiyanso kukaona. Choopsa kwambiri ndi mng'alu wofika pa lamba. Wina anandibweretsera wotero ogulitsa osandichenjeza, ndikupinda chala mwala unabenthuka pakona, tinakangana mwezi wathunthu kuti alipire ndani. Masiku ano sindigwira mwala ndisanauone pa lupu ya 10x mwini wake ali pompo.

Mbewe wa ku Joni: Agogo, ali ndi kakristalo pansi pa tebulo, chakumbali pang'ono. Ndi maso ine sindikukaona.

Gogo wa pa benchi: Pansi pa nyale za m'shopu simungakaone, nyale zimenezo zimanyezimiritsa ngakhale galasi. Tulukani nawo pakhomo pa mthunzi, mwala utapukutidwa, mnyamatayo ayang'ane yekha. Maso ake ndi aang'ono kuposa anu.

Nabanda: Bwanji osangomupatsa wopangidwa ku labu? Ndi ndalama imeneyo apeza wamkulu kwambiri n'kutsala ndi ya ukwati.

Mbewe wa ku Joni: Achemwali, anakana kale, akufuna wokumbidwa. Funso ndi la miyala iwiriyi.

Nabanda: Chabwino, koma muonetseni nambala yolembedwa pa lamba kuti ikufanana ndi ya pa pepala, mutsegulenso Report Check ya GIA iye akuona. Pepala lenileni pa mwala wolakwika zimachitika. Ndipo akapita shopu ina n'kuona "G VS2" yotchipa, afunse kuti pepalalo ndi la labu iti, chifukwa ena amagawa zilembo mowolowa manja.

Mayi Nangozo: Chinanso, musamutsegulire mndandanda wa mitengo wa Rapaport poganiza kuti umuthandiza. Mndandandawo umayendera kulemera, mtundu ndi kuyera kwa mkati, kadulidwe mulibe m'timabokosi timeneti. Adzangoona kuti gulu la 1.00 mpaka 1.49 lili pamwamba pa la 0.90 mpaka 0.99 pa zilembo zofanana, osadziwa kuti mwala wa Good timaugula motsika kwambiri pansi pa mndandanda. Komanso asamve pakamwa panu kuti akadzafuna kugulitsa adzapeza ndalama yake yonse. Sadzaipeza pa mwala uliwonse wa awiriwa.

aChisale: Koma pogulitsanso pomwepo wa 1.01 ndiye amayenda msanga, anthu amafuna nambala. Ine zaka zonsezi palibe anandibwezera mphete chifukwa cha kadulidwe.

Mayi Nangozo: Sabweza, a Chisale, amangopita kwina ulendo wotsatira. Ndipo wogula mwala wakale ndi ife tomwe, tikaona 6.20 mm timatsitsa pomwepo.

aChisale: Tiona Loweruka. Ine ndati atenga wa kalati.

Tembo: A Mbewe, mzere wa Fluorescence, kuwala kwa mwala pansi pa nyale ya UV, pa mapepala awiriwo walembedwa chiyani? Ngati wa H ali ndi Strong Blue ndiye mtengowo uli ndi chifukwa chinanso. Ndipotu amene ali ndi nyale ya UV yogwira andibwereke, yanga inapsa.