Thandizeni pa loss function, modelo yanga ya ngongole yandizunguza

Abale anga muli bwanji, ndili kuno ku Lusaka cha ku Matero, ndikupanga kamodelo kolosera ngati munthu wotenga ngongole mu kagulu kathu ka chilimba abweza kapena sabweza. Ndili ndi mizere 800 chabe, ndipo osabweza ni 60.

Poyamba ndinaika sigmoid kumapeto na squared error, `(y - p)^2`, koma modelo ikalakwa kwambiri, mwachitsanzo yanena `p = 0.01` pomwe munthuyo sanabwezedi ndipo `y = 1`, loss imangofika 0.98 basi, ndiye giradiyenti imachepa chifukwa sigmoid yagona pansi kumeneko, moti kuphunzira kumayenda ngati kamba. Nditasintha kupita ku cross-entropy, `-log(p)`, cholakwa chomwecho chinalipira pafupifupi 4.6 ndipo zinthu zinayamba kusuntha. Ndamva kuti squared error imaganiza kuti yankho ni nambala yokhala na phokoso la Gaussian, pomwe cross-entropy imaganiza kuti ni inde kapena ayi wokhala na mwayi wake.

Chondivuta ni ichi: malebo ena mu buku lathu analembedwa molakwika, ndapeza kale 9, ndipo ndikuopa kuti cross-entropy iziwathamangira amenewo chifukwa chilango chake chilibe malire. Mnzanga akuti yesa hinge, `max(0, 1 - y*f)`, pomwe `y` ni +1 kapena -1, poti imasiya onse amene adutsa malire bwino. Koma hinge sipereka mwayi weniweni, ndipo ine ndifuna kuuza komiti kuti uyu ali pa 70% yosabweza. Kodi ndikhale pa cross-entropy nkukonza malebo pamanja, kapena nditenge hinge kenako ndichite Platt scaling? Ndi osabweza 60 okha, ingakwane data yochitira zimenezo?