Ndikaonetse bwanji manijala watsopano kwa antchito?

Wopuma wa ku Limbe: Akuluakulu, ndikupuma pantchito kumapeto kwa mwezi uno. Lachisanu ndikaonetsa manijala watsopano kwa antchito 140 a pafakitale yathu, mashifiti atatu. Ndi mayi wachichepere wochokera ku kampani ina, pomwe anthu ankadziwa kuti mpandowo ndi wa supavaiza wathu amene wakhala nafe zaka 18. Ndalemba masamba anayi, koma mtima sukundikhazikika.

Wa kusitolo: Mupume bwino bwana. Ife potsanzikana ndi bwana wathu tinapha mbuzi ziwiri, anthu anasangalala kwambiri.

Wopuma wa ku Limbe: Zikomo achimwene, koma phwando lili padera. Pano ndikufunsa za mawu.

Wowerengera ndalama: Awerengereni mapepala ake a sukulu ndi komwe wagwirako. Akamva madigiri amupatsa ulemu.

Mayi wa ofesi ya antchito, Kanengo: Komwe wagwirako inde, madigiri ayi. Woyendetsa makina amafuna kumva ngati bwanayo anaimako pa laini usiku. Masamba anayiwo achepetseni bambo, mphindi zisanu zakwana. Anthu amakhala ataimirira, ena atangoweruka.

Koma ntchito yaikulu ili Lachinayi. Itanani supavaizayo payekha amve kwa inu, kenako akapitawo ndi oimira bungwe la antchito. Akakamvera pagulu, anthu onse azidzayang'ana nkhope yake, mawu anu osawamva.

Lachisanulo mutchule tsiku lenileni limene mayiwo ayambe kusaina mafomu a tchuthi ndi ovataimu. Mukapanda kutero, mafomu azibwerabe kwa inu mpaka mutachoka, mayiwo ali chikhalire mu ofesi. Ndipo musanene kuti "palibe chisinthe". Bwana wathu wina anatero, wolowa m'malo mwake atangosintha ndandanda ya mashifiti anthu anati anamizidwa, nkhani inafika ku bungwe. Wina akafunsa za malipiro, yankhani zokhazo zimene zinasainidwa kale.

Kapitawo wakale: Nanga a usiku? Nthawi zonse amamvera mphekesera. Yankhulani posinthana shifiti cha m'ma 2 koloko masana, mubwerezenso 10 koloko usiku, mawu omwewo. Makina azimitsidwe, apo ayi akumbuyo samva kanthu. Oweruka mukawasunga mphindi 20 adzafunsa ngati zikulembedwa, konzekeranitu yankho.

Wopuma wa ku Limbe: Za usikuzo sindinaziganize. Nanga supavaiza uja ndimutchule pagulu?

Mayi wa ofesi ya antchito, Kanengo: Muthokozeni pamodzi ndi akapitawo onse, osati payekha. Kumusankha yekha kuli ngati kumupepesa pamaso pa bwana watsopano.

Kapitawo wakale: Apo ndiye ayi mayi. Zaka 18 n'kungomudumpha? Anyamata adzati mwamutaya. Ine ndikanamufunsa mwini wake Lachinayi lomwelo kuti akufuna kutchulidwa kapena ayi.

Wopuma wa ku Limbe: Ndimufunsa. Koma munthu wake ndimamudziwa, adzangoti "zili kwa inu bwana".