Ndalama za mayi nambala 9: tiwapatse 52,000 kapena 53,240?

Wapampando: Ndalemba muno kuti tisafike pamsonkhano tili osamvana. Mayi nambala 9 anasiya ndalama zokwana 40,000 m'gulu zaka zitatu zapitazo pomwe ankasamuka, ndipo tinagwirizana kuti ndalamazo zisalowe m'masheya, koma tiziwapatsa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa chaka. Tsopano abwera kudzatenga. A msungichuma akuti ndalama zawo ndi 52,000, pomwe eni ake akuti ndi 53,240. Aliyense afotokoze mwaulemu mmene wawerengera.

Msungichuma: Zikomo a wapampando. Ine ndinatenga 10 peresenti ya 40,000, yomwe ndi 4,000, n'kuiwerengera katatu chifukwa zaka ndi zitatu. Chiwongoladzanja chonse ndi 12,000, ndipo tikaphatikiza ndi mpamba wawo zikukwana 52,000. Sindinabise kalikonse, ndipo mawu akumveka kumbali akuti ndadya ndalama za mayiwa akundipweteka mtima.

Mayi nambala 9: A msungichuma, ine sindinanenepo kuti mwadya ndalama zanga. Dandaulo langa ndi lakuti chaka choyamba chitatha sindinatenge 4,000 ija, inatsala m'bokosi ndipo gulu linaibwereketsa kwa anthu. Choncho chaka chachiwiri ndinali ndi 44,000 m'manja mwa gulu. Nanga n'chifukwa chiyani mukuwerengerabe pa 40,000, ngati kuti ndalama zinazo ndinapita nazo?

Bambo nambala 4: Ine ndikuona kuti nonse mwachepetsa. Ndikabwereka ndalama m'gulu muno mumandiwerengera chiwongoladzanja mwezi uliwonse, ndiye mayiwa ayenera kulandira 4,000 pa mwezi kwa miyezi 36.

Mlembi: Ayi bambo, chimenecho ndi chiwongoladzanja cha ngongole. M'buku munalembedwa kuti "10 peresenti pa chaka", ndipo pamenepo palibe amene akutsutsa.

Bambo nambala 2: Ndiloleni ndiyale masamu onse awiri, chifukwa palibe amene walakwitsa kuwerengera, kungoti awiriwa akutsata njira zosiyana. Njira ya a msungichuma imawerengera chiwongoladzanja pa mpamba woyamba wokha. Mpambawo sukula, choncho chaka chilichonse chimabala 4,000, ndipo ndalama zimayenda motere: 44,000, kenako 48,000, pomaliza 52,000.

Njira ya mayi nambala 9 imaphatikiza chiwongoladzanja ku mpamba pakutha pa chaka, kuti nachonso chiyambe kubala. Chaka choyamba palibe kusiyana, zonse zikufika pa 44,000. Chaka chachiwiri 10 peresenti ikuwerengedwa pa 44,000, yomwe ndi 4,400, ndipo zikufika pa 48,400. Chaka chachitatu ikuwerengedwa pa 48,400, yomwe ndi 4,840, ndipo zikufika pa 53,240. Amene ali ndi foni alembe 40,000 × 1.1 × 1.1 × 1.1, apeza yankho lomweli. Chomwe tikulimbirana ndi 1,240, ndipo yonseyo ndi chiwongoladzanja chimene chabadwa pa chiwongoladzanja chinzake.

Mayi nambala 12: Ndagwirizana nazo zoti chiwongoladzanja chibalenso, koma pali njira yachidule. Tingotenga 10 peresenti ya 12,000 ija, yomwe ndi 1,200, n'kuwonjezera pa 52,000. Ine ndikupeza 53,200. Tsono 40 inayo ikuchokera kuti?

Bambo nambala 2: Mwafika pafupi amayi, koma njirayo musaidalire. Ndalama za 12,000 sizinakhale m'bokosi nthawi yofanana. Taonani, 4,000 ya chaka choyamba inagwira ntchito zaka ziwiri ndipo inabala 400 kawiri, kukhala 800. Ya chaka chachiwiri inagwira ntchito chaka chimodzi n'kubala 400. Ya chaka chachitatu yangobadwa kumene, sinabale kalikonse. Zimenezi zikukwana 1,200, zomwe zangofanana mwangozi ndi yankho lanu chifukwa zaka ndi zitatu. Tsono 40 imene mukuifunsa ndi 10 peresenti ya 400 yoyamba ija, imene inabadwa pakutha pa chaka chachiwiri n'kugwira ntchito chaka chachitatu chonse. Ndalamazi zikanakhala zaka zinayi, njira yanu ikanapereka 1,600 yokha pamwamba, pomwe kusiyana kwenikweni kukanakhala 2,564, chifukwa njira yoyamba ikanafika pa 56,000 ndipo yachiwiri pa 58,564. Kusiyanaku kumakula msanga zaka zikamachuluka, n'chifukwa chake sindikufuna kuti tiziti ndi ndalama zochepa.

Wapampando: Masamu amveka. Koma kodi tinagwirizana njira iti? A mlembi, buku likuti bwanji?

Mlembi: Mgwirizano sukunena ngati chiwongoladzanja chiziphatikizidwa ku mpamba kapena ayi. Pakutha pa chaka choyamba munalembedwa mzere umodzi wakuti "ndalama za nambala 9: 44,000". Pakutha pa chaka chachiwiri munalembedwa mizere iwiri, wina "mpamba 40,000" ndi wina "chiwongoladzanja 8,000". Chaka chachitatu sitinalembebe.

Msungichuma: Pamenepo ndiye pali umboni wanga. Chiwongoladzanja chikanakhala chophatikiza, mzerewo ukanati 8,400, osati 8,000, ndipo tsiku limenelo buku linawerengedwa pamaso pa gulu lonse popanda wodandaula.

Mayi nambala 9: Wodandaula akanakhala ndani poti ine kunalibe? Ndipo ndifunse chinthu chimodzi. Membala akalephera kubweza chiwongoladzanja cha ngongole pa nthawi yake, gulu limachiphatikiza ku ngongoleyo n'kuwerengera chatsopano pa zonse pamodzi. Ngati timachita zimenezi gulu likamalandira, bwanji tikukana gulu likamapereka?

Bambo nambala 2: Funso limenelo ndi lolemera, ndipo ine mtima wanga uli kwa inu amayi, chifukwa ndalama zanu zinagwiradi ntchito. Komabe ndinene zoona: chimene chimasiyanitsa njira ziwirizi ndi mgwirizano, osati kungosiya ndalama m'bokosi. Za ngongole zinalembedwa m'malamulo a gulu, pomwe zanu sizinalembedwe. Mzere wa 44,000 sukutithandiza, popeza njira zonse ziwiri zimafika pomwepo chaka choyamba. Chaka chachiwiri ndicho choyamba chimene chimaonetsa njira yomwe ikutsatidwa, ndipo buku likuonetsa 8,000. Chofooka cha umboniwo n'chakuti unalembedwa mwini ndalama palibe, ndiponso palibe amene anakuuzani kuti 4,000 yanu ikungokhala osabala. Mukanadziwa, mukanatha kuitenga chaka chilichonse n'kukaigwiritsa ntchito kwina.

Mayi nambala 12: Bwanji tingogawa pakati, alandire 620 pamwamba pa 52,000, nkhani ithe?

Msungichuma: Ine sindikukana kupereka chilichonse chimene gulu livomereze, koma ndalamazo zichoka pa phindu la mamembala onse, ndipo pali ena awiri amene anasiya ndalama zawo chaka chatha pa mgwirizano wa mawu omwewo. Chimene tichite kwa mayi nambala 9 tidzayenera kuchitanso kwa iwo. Kodi nawonso tidzagawa pakati?

Mayi nambala 9: Kugawa pakati sindikuvomera, chifukwa 52,620 sikuchokera pa njira iliyonse mwa ziwirizi. Gulu lisankhe njira imodzi, ndipo likasankha 52,000 ndilandira, koma lindiuze chifukwa chake pamaso.

Wapampando: Tivota pamsonkhano ukubwerawu, ndipo mayi nambala 9 ndi a msungichuma sadzavota nawo. A mlembi, bwerani ndi mabuku a zaka zonse zitatu, ndiponso muwadziwitse mamembala awiri aja kuti adzapezeke, chifukwa tidzafunika kulemba pa mgwirizano wawo ngati chiwongoladzanja chiziphatikizidwa ku mpamba, komanso tsiku limene chiziphatikizidwa.