Sitolo yaikulu ikufuna 30 peresenti ndiponso kuti chiponde changa chizipezeka kwa iwo okha

Wopanga chiponde, Kasungu: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Kampani ina ya masitolo akuluakulu yavomera kuika chiponde changa pamashelefu ake, koma mgwirizano umene yanditumizira ukuti gawo lawo ndi 30 peresenti, ndiziwabwezera 5 peresenti pa invoisi iliyonse, azindilipira pakatha masiku 60, ndipo kwa zaka ziwiri ndisagulitsenso kwina kulikonse. Botolo la magalamu 400 limandidyera K3,000 kuphatikizapo mayendedwe, ndipo iwo akufuna kumaligulitsa K6,000. Pakadali pano magolosale amapikula mabotolo 1,500 pamwezi pa mtengo wa K4,500, ndalama pompopompo.

Mlimi wa njuchi, Mzuzu: Achimwene, ngati iwo akuonjezera 30 peresenti pa mtengo wanu kuti ufike K6,000, ndiye kuti inu muzilandira pafupifupi K4,600, kuposa ya magolosale. Ine ndikanangolimbana ndi masiku 60 aja, chifukwa pa uchi wanga ndinakambirana mpaka anatsikira pa masiku 30.

Yemwe kale ankagulira katundu sitolo ina, Lilongwe: Za masiku mwanena zoona, bambo a ku Mzuzu, koma masamuwo sayenda choncho. Masitolo akuluakulu amawerengera gawo lawo pa mtengo wa pashelefu, osati pa mtengo wa wobweretsa katundu, choncho 30 peresenti ya K6,000 ndi K1,800, ndipo invoisi idzalembedwa K4,200. Mukachotsapo K210 yobweza ija mutsala ndi K3,990, kutanthauza phindu la K990 pa botolo, pomwe kumagolosale mukupeza K1,500. Mufunsenso ngati msonkho wa VAT uli kale mkati mwa K6,000, chifukwa ngati ulimo, invoisi yanu itsika kuposa pamenepa.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi ndime yokuletsani kugulitsa kwina. Magolosale akukupatsani phindu la K2,250,000 pamwezi, ndipo kuti ndalama imeneyi ibwerere pa K990, sitoloyo iyenera kumatenga mabotolo pafupifupi 2,300 mwezi uliwonse. Mabotolo amenewa, kwa miyezi iwiri musanalandire kalikonse, amanga mpamba wa K13.8 miliyoni. Kodi penapake mumgwirizanomo alonjeza chiwerengero chimene azitenga?

Wopanga chiponde, Kasungu: Ayi bambo, angolemba kuti aziitanitsa malinga ndi mmene malonda akuyendera, ndipo mabotolo osagulidwa amene atsala pang'ono kutha nthawi ndizikawatenga ndekha.

Yemwe kale ankagulira katundu sitolo ina, Lilongwe: Ndiye kuti womangidwa ndinu nokha. Musakane ndimeyo mwatchutchutchu, chifukwa wogulira sitolo katundu amafuna chokaonetsa kwa mabwana ake, ichepetseni. Muwapatse botolo la kilogalamu imodzi kuti lizipezeka kwa iwo okha, la magalamu 400 lipitirire kumagolosale. Akaumirira, vomerani kusagulitsa kwa masitolo akuluakulu anzawo okha kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo palembedwe kuti akalephera kufika chiwerengero chogwirizana kwa miyezi iwiri yotsatizana, chiletsocho chatha chokha popanda kudikira kalata. Pa 30 peresenti sagwedezeka kawirikawiri, koma 5 peresenti ija mungathe kupempha kuti iziyamba kugwira ntchito akapyola mabotolo 2,500 pamwezi.

Wogulitsa zonunkhiritsa ndiwo, Limbe: Kodi zimenezi si zoletsedwa? Ine ndimadziwa kuti bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC sililola kuti sitolo iuze munthu kumene angagulitse katundu wake.

Yemwe kale ankagulira katundu sitolo ina, Lilongwe: Si mgwirizano uliwonse wotere umene uli wolakwira lamulo. Bungwelo limayang'ana ngati ukufooketsa mpikisano pamsika kapena ngati wamkuluyo akugwiritsa ntchito mphamvu zake molakwika. Kufunsa loya musanasaine n'kwanzeru, koma kutchula CFTC pa tebulo la zokambirana kungangotseka khomo.

Mayi wopanga ufa wa phala, Zomba: Ine ndionjezere za mtengo. Ndinasaina mtengo wosasintha kwa chaka chonse, kenako mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mapepala olongedzera anakwera, koma sitolo inakana kusintha mpaka mgwirizano utatha. Inu bambo muli ndi mtedza, umene mtengo wake wa pokolola si wa mu Januwale. Palembedwe kuti mtengo uziunikidwanso miyezi itatu iliyonse. Za mabotolo obwezedwa, ine ndinavomera kuchotseredwa 2 peresenti m'malo mokatenga katundu, ngakhale sindikudziwa ngati pa chiponde, chimene chimakhalitsa, simungakhale mukulipira pachabe.

Wopanga chiponde, Kasungu: Zikomo kwambiri, mayi, ndi nonse. Ndalankhula nawo lero. Avomera masiku 45 ndi kuunika mtengo, ndipo za botolo la kilogalamu akuti akafunsa, koma akana kulemba chiwerengero, ati ku likulu kwawo salola. Kodi popanda chiwerengerocho, miyezi isanu ndi umodzi ija ndiivomere?