Kodi bokosi la zipangizo zosokera timabuku ndi loyenera kugula?

Mayi wofunsa: Ndikupempha nzeru kwa inu amene munasokapo kabuku ndi manja. Mwana wanga wapatsidwa ntchito ya kusukulu yoti alembe ndi kujambula za mitengo, ndipo aphunzitsi anena kuti aipereke ngati kabuku kosokedwa pamsana, osati mapepala omwazikana. Zolemba zake zadzaza masamba 22 a kukula kwa theka la pepala la A4. Ndaona bokosi logulitsidwa limene muli chiboolero chokhala ndi chigwiriro cha mtengo, kafupa kosalala kopindira mapepala, singano zingapo ndi ulusi wopaka phula. Kodi n'koyenera kuti ndigule bokosilo, kapena zinthu za m'nyumba zikhoza kugwira ntchitoyi popanda kabukuko kuoneka kosalongosoka? Ntchitoyi ikatheka ndikufunanso kupanga kena koti ndikapereke mphatso kwa mchemwali wanga.

Mphunzitsi wa zaluso: Mayi, ine ndikuti gulani, ndipo chifukwa changa chachikulu ndi ulusiwo. Chaka chilichonse ana amandibweretsera timabuku tosokedwa ndi ulusi wamba wosokera zovala, ndipo sipatha sabata pepala lapakati limakhala litang'ambika kuchokera pa bowo lina kukafika pa linzake, chifukwa ulusi woonda umadula pepala ngati mpeni. Ulusi wa m'mabokosi amenewo ndi wonenepa komanso wopaka phula, motero sudula pepala ndipo mfundo yake simasuka.

Womanga mabuku: Aphunzitsi anena zoona kuti ulusi woonda umadula pepala, koma sindikugwirizana nawo kuti mankhwala ake ndi kugula bokosi lonse. Mabokosi angapo amene ndinawagwirapo anali ndi ulusi waphanthiphanthi wopangidwira kusoka zikopa, ndipo pa kabuku ka mapepala 6 ulusi wotere umafuna mabowo aakulu, umatukumula msana, ndipo phula lake lochuluka limasiya madontho pa pepala loyera. Chimene kabuku kakang'ono kamafuna ndi ulusi wolimba wa thonje, monga wolukira maluwa pansalu kapena wosokera mabatani a jekete, umene mumaudutsa kawiri kapena katatu pa phula la njuchi, kapena pa kandulo ngati phulalo palibe, kuti usapotane.

Tiyeni tiwerengere ntchito ya mwana wanu, mayi, kuti muone nokha pamene chipangizo chilichonse chikufunika. Pepala limodzi la A4 likapindidwa pakati limapereka masamba 4, choncho chiwerengero cha masamba chiyenera kugawika ndi 4. Masamba 22 akwere kufika pa 24, kutanthauza mapepala 6 ndi chikuto, ndipo masamba awiri otsalawo mukhoza kuika limodzi kumayambiriro kuti likhale la mutu ndi dzina, linalo kumapeto. Pindani pepala lililonse palokha, musisite mzerewo ndi kumsana kwa supuni, kenako mulowetse mapepalawo lina m'kati mwa linzake. Pamenepa supuni yagwira kale ntchito ya kafupa kaja.

Msana wa kabukuko ndi wotalika masentimita 21. Tsegulani pakati, muike kadontho pa masentimita 10.5, ndi tina tiwiri pa masentimita 2.5 kuchokera kumtunda ndi kumunsi. Panani mapepalawo ndi zopanira zovala kuti asasunthe, muwagoneke pa thaulo lopinda, ndipo muboole kuchokera m'kati ndi singano yaikulu imene mwabaya kumatako kwake pa chofufutira kuti isakupwetekeni chala. Kabukuko kakhale kotseguka pang'ono osati kogona kwathunthu, kuti nsonga itulukire pamzere weniweni wa msana.

Telala: Pepani bambo, ine ndikuona ngati tikudzivutitsa. Mayiwa ngati ali ndi makina osokera zovala, angoyala mapepalawo ndi kupititsa mzere umodzi pamsana, ntchito yatha m'kanthawi kochepa, popanda bokosi kapena chiboolero. Ine ndimatero ndikamapanga timabuku tolembamo miyezo ya makasitomala anga.

Womanga mabuku: A telala, njira yanuyo imatheka ndithu pa mapepala ochepa, koma pokhapokha mutatalikitsa msoko kufika pamapeto pamene makinawo amalola. Msoko waufupi umaboola mabowo oyandikana kwambiri, ndipo pepala limang'ambika motsatira mzerewo monga muja limachitira lisiti pochotsedwa m'buku lake. Komanso ntchitoyi ndi ya mwana, ndipo aphunzitsi ake mwina akufuna kuona dzanja lake.

Kusoka ndi manja n'kwapafupi. Dulani ulusi wotalika katatu kutalika kwa msana, ndiye kuti masentimita 63. Msoko weniweni umadya masentimita 32 okha, wotsalawo ndi woti zala zipeze pogwira pomanga. Yambirani m'kati pa bowo lapakati kutulukira kunja, musiye mchira wa masentimita 8 m'katimo. Lowani pa bowo lakumtunda, mudutse m'kati molumpha bowo lapakati mpaka mutulukire pa lakumunsi, kenako mulowenso pa lapakati. Tsopano michira iwiri ili m'kati, ndipo pakati pake pagona ulusi wautali uja wochokera kumtunda kupita kumunsi. Onetsetsani kuti mchira wina uli kumanja kwa ulusiwo ndipo wina kumanzere, ndipo mumange mfundo pamwamba pake. Michira yonse ikakhala mbali imodzi, mfundoyo ilibe choigwira, ndipo tsiku lina idzakokeka kutulukira kunja kudzera pa bowo lapakati.

Wophunzira wa kukoleji: Ndili ndi vuto langa limene mwina likukhudzana ndi nkhaniyi. Ine bokosilo ndinagula, koma kabuku kanga ka masamba 80 kanakana kutsekeka, ndipo masamba apakati anatulukira kutsogolo ngati lilime. Ndinaganiza kuti chiboolero changa ndi chosalongosoka, ndipo ndinali pafupi kugula china chokwera mtengo.

Womanga mabuku: Achimwene, chiboolero chanu chilibe mlandu. Masamba 80 ndi mapepala 20 oikidwa m'mpindo umodzi, ndipo pepala lililonse limakankhira la m'kati mwake kutsogolo molingana ndi kuchindikala kwake. Pepala wamba lolemera magalamu 80 pa sikweya mita imodzi ndi lochindikala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, choncho pa mapepala 6 a mayiwa kusiyanako ndi theka la milimita, kumene munthu sakuona n'komwe, koma pa mapepala 20 kukufika mamilimita awiri, ndipo mpindowo umakhala wozungulira moti sungagone. Buku lotere limagawidwa m'timagulu ta mapepala anayi kapena asanu, kagulu kalikonse kusokedwa kenako kulumikizidwa ndi kanzake, ndipo imeneyo ndi ntchito ina. Pa ntchito yotero ndi pamene chiboolero chenicheni chimayamba kubweza ndalama zake, chifukwa mabowo amakhala ambiri ndipo ayenera kufanana pa kagulu kalikonse.

Mphunzitsi wa zaluso: Pa za ulusi wa zikopa ndavomera, bambo, pakuti ndakumbukira kuti timabuku tina tinali ndi mabowo aakulu ngati oboola ndi msomali. Koma pa chiboolero sindikusintha maganizo. Mwana wogwira singano yobaya pa chofufutira akhoza kudzilasa singanoyo ikaterereka, pamene chigwiriro cha mtengo chimadzaza m'dzanja ndipo chimamvera. Munthu amene ali ndi ana oposa mmodzi, kapena amene adzapanganso timabuku tamphatso monga mayiwa anenera, sadzanong'oneza bondo atagula.

Mayi wofunsa: Zikomo nonse. Usiku watha tinayesa ndi mapepala otha ntchito, pogwiritsa ntchito supuni, singano yaikulu ndi ulusi wolukira maluwa wodutsitsa pa kandulo, ndipo msoko unagwira bwino. Zinthu ziwiri zativuta. Poyamba mwana analemba manambala a masamba mapepala asanapindidwe, moti tsamba 2 linapezeka kumapeto kwa kabuku. Chachiwiri, chikuto cha pepala lolimba chinasweka pamsana popinda, ndipo mtundu wake unakanuka n'kuonetsa mzere woyera. Kodi kafupa kaja kakanapewetsa zimenezi? Ngati ndi choncho, mwina ndigule ndithu.

Womanga mabuku: Za manambala, pindani ndi kulowetsa mapepala onse 6 poyamba, mulembe manambala ndi pensulo kuyambira 1 mpaka 24, kenako muwamasule mwana azilembapo. Mudzaona kuti pepala lakunja lili ndi 24 ndi 1 mbali imodzi, 2 ndi 23 kuseri kwake, ndipo lapakati lili ndi 12 ndi 13 moyang'anizana. Masamba awiri aliwonse oyandikana pa pepala limodzi akaphatikizidwa ayenera kupereka 25, ndipo akapanda kutero ndiye kuti pena palakwika.

Kusweka kwa chikuto kuli ndi zifukwa ziwiri, ndipo kafupako kamathandiza pa chimodzi chokha. Pepala lolimba limafuna kuti muyambe mwalemba kangalande pamzere wopindapo, motsatira rula, musanalipinde. Nsonga ya kafupa imachita zimenezi bwino kwambiri, koma cholembera chotha inki chimachitanso. Chifukwa chachiwiri n'chakuti pepala lopangidwa ndi makina lili ndi tiluzi togona mbali imodzi, ndipo likapindidwa modutsana ndi tiluzito limasweka. Kuti mudziwe kumene tagona, liwerameni pang'ono mbali ina kenako mbali inayo osalipinda: kumene likuwerama mosavuta, mzere wa kuweramako ukutsata tiluzito. Mapepala ambiri a A4 ali ndi tiluzi totsata mbali yaitali, pamene inu mukupinda motsata mbali yaifupi, choncho mpindo wanu ukudutsana nato. Pa pepala lopyapyala zimenezi zimangochititsa kuti masamba aziuma pang'ono potsegula, koma pa chikuto ndiye mzere woyera mwauonawo. Dulani chikuto kuchokera pa pepala lalikulu, mulitembenuze kuti tiluzi titsate msana, ndipo muchisiye chotalikirapo mamilimita awiri mbali zonse zitatu.

Choncho pa kabuku ka mwanayu ine sindingagule bokosilo. Pa ka mphatso ndingagule kafupa kokha ngati kakupezeka pakokha, chifukwa supuni yachitsulo nthawi zina imasiya mzere wotuwa kapena wonyezimira pa pepala lamtundu wakuda, ndipo pa mphatso zimenezo zimaoneka.

Mphunzitsi wa zaluso: Ine ndikanawonjezerapo chiboolero, bambo, ngakhale mukane bwanji, malinga munthu akumbukire kulowetsa nsonga yokha, pakuti chimanenepa chakumtunda ndipo chikakankhidwa chonse bowo limakula mopitirira.

Mayi wofunsa: Ka kusukuluka tisoka ndi zimene tili nazo, ndipo ndidzaboola ndekha mwana n'kusoka. Za kafupa ndi chiboolero ndiona ndikayesa kaye supuni pa kachidutswa ka pepala la chikuto cha mphatsocho. Funso limodzi latsala kwa inu a telala: kodi ulusi wosokera mabatani a jekete ndiusoke umodzi kapena ndiuphatikize pawiri pa mapepala 6?